Langara: chifukwa chake Asiki amakhazika mfumu ndi wosauka pamphasa imodzi

Mu Epulo ndi Meyi 2021, mliri wa Kovidi-19 utafika posauzana ku India, pa intaneti panadzaza zithunzi za amuna ovala nduwira akupatsa odwala mpweya wa okosijeni m'mbali mwa msewu kufupi ndi mzinda wa Delhi. Sankalipiritsa, ndipo sankafunsa wodwala kuti amapemphera kuti. Atolankhani ankati imeneyo ndi "langara ya okosijeni". Anthu ena amene anaona zithunzizo anasokonezeka. Ena ankati anthuwo ndi Asilamu, ena ankati ndi Ahindu, enanso ankayesa kuti ndi bungwe lothandiza anthu pa ngozi. Anthuwo anali Asiki, ndipo zimene ankachitazo zinachokera pa mwambo wa chakudya umene wakhalapo kwa zaka pafupifupi 500.

Phunziroli ndi la inu a Fomu 1 ndi Fomu 2. Cholinga chake n'chakuti mumvetse chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amachiphonya: langara, khitchini ya Asiki yodyetsa anthu mwaulere, si malo ogawirako osauka chakudya. Ndi malo amene olemera ndi osauka amakhala pamodzi, n'kudya zofanana.

## Asiki ndi ndani?

Chisiki ndi chipembedzo chapachokha. Chinayambira ku Punjab, dera limene linagawidwa pakati pa India ndi Pakistan mu 1947. Amene anachiyambitsa ndi Guru Nanak, yemwe anabadwa mu 1469 m'mudzi wa Talwandi, umene lero ukutchedwa Nankana Sahib ndipo uli ku Pakistan. Mawu akuti guru amatanthauza mphunzitsi wa zauzimu, pomwe Msiki ndiye wophunzira. Guru Nanak atamwalira mu 1539 kunabwera maguru ena 9, mmodzi pambuyo pa mnzake. Wa nambala 10, Guru Gobind Singh, analamula mu 1708 kuti iye akachoka, guru wa Asiki akhale buku lawo lopatulika, Guru Granth Sahib. Nyumba yawo yopemphereramo imatchedwa gurudwara, kutanthauza khomo la guru.

Masiku ano Asiki alipo oposa 25 miliyoni, ndipo ambiri ali ku Punjab ya ku India. Ena ali ku Canada, ku Britain, ku Kenya ndi kwina. Kuno kwathu anafika m'zaka za m'ma 1890 monga asilikali a boma la atsamunda, ndipo ku Blantyre kuli gurudwara.

## Vuto linali pa mbale

Kuti tione kulimba mtima kwa Guru Nanak, tiyenera kudziwa mmene anthu ankakhalira pa nthawi yake.

Anthu anali ogawidwa m'magulu obadwa nawo otchedwa jati. Ukabadwira m'banja la ansembe, unali wapamwamba. Ukabadwira m'banja la amalonda kapena alimi, unali pakatikati. Koma ukabadwira m'banja la osesa m'misewu kapena ofufuta zikopa, unkaonedwa ngati wodetsedwa, moti munthu wa jati yapamwamba ankakhulupirira kuti ukamukhudza wamudetsa. Jati siinali ngati umphawi umene munthu angauthawe polimbikira ntchito. Unkabadwa nayo, n'kukwatira momwemo, n'kufa nayo.

Tsono malire a jati ankaonekera kwambiri pa chakudya ndi madzi. Panali malamulo onena za amene angakuphikire, amene ungalandire madzi kuchokera m'manja mwake, ndi amene angakhale pafupi nawe ukamadya. M'midzi yambiri anthu a jati yapansi sankaloledwa kutunga pachitsime chimodzi ndi ena. Munthu wapamwamba ankatha kutaya chakudya chake chifukwa chakuti munthu wapansi wachikhudza.

Taganizirani kusukulu kwanu. Mnzanu mumakhala naye desiki imodzi, koma ikakwana nthawi ya nkhomaliro akukuuzani kuti musakhudze kapu yake, mudyere kuseri kwa khitchini, osati chifukwa mwalakwa kanthu koma chifukwa cha ntchito imene agogo anu ankagwira. Aphunzitsi atalemba pabolodi kuti "nonse ndinu ofanana", mungakhulupirire? Mawuwo mungawamve pokhapokha tsiku limene nonse mwakhala pansi n'kupisa mumphika umodzi. Guru Nanak anaona zomwezo. Popeza tsankho linkakhala pa mbale, mankhwala ake anayeneranso kuikidwa pa mbale.

## Chimene maguru anaphunzitsa

Buku la Guru Granth Sahib limayamba ndi mawu akuti Ik Onkar, kutanthauza kuti Mulungu ndi mmodzi. Chiphunzitso chonse cha kufanana chikuchokera pamenepa. Ngati Mlengi ndi mmodzi, ndipo kuwala kwake kuli mwa munthu aliyense, palibe amene angati anabadwa woyera kuposa mnzake. Pa tsamba 349 la bukuli Guru Nanak akulangiza kuti tizizindikira kuwala kumene kuli mwa munthu m'malo momufunsa jati yake, pakuti kumene tikupita kulibe jati. Pa tsamba 473 akufunsa kuti mkazi tingamunyoze bwanji pamene ndi iye amene amabereka mafumu.

Buku lenilenilo ndi umboni. Guru Arjan, wachisanu, posonkhanitsa nyimbo zopatulika mu 1604 sanaike za maguru okha. Anaikamonso za Kabir amene anali woluka nsalu, za Ravidas amene anali wa m'banja la osoka zikopa, ndi za Sheikh Farid amene anali Msilamu. Choncho Msiki akagwada pamaso pa bukuli, akugwadiranso mawu a munthu amene ena ankakana ngakhale kumukhudza.

Asiki amafupikitsa moyo wabwino m'mfundo zitatu: kukumbukira dzina la Mulungu, kudya thukuta lako mwachilungamo, ndi kugawana ndi ena zimene wapeza. Pali nkhani imene makolo achisiki amauza ana awo yofotokoza mfundo yachiwiriyo. Akuti Guru Nanak atafika m'tauni ya Saidpur anakafikira kwa mmisiri wa matabwa wosauka dzina lake Bhai Lalo, ndipo anakana phwando la mkulu wina wolemera, Malik Bhago. Mkuluyo atakwiya, Guru anatenga mkate wa Lalo m'dzanja limodzi ndi wa Bhago m'dzanja lina, n'kufinya. Mwa Lalo munatuluka mkaka, mwa Bhago munatuluka magazi, chifukwa chuma chake chinali chodyera anthu masuku pamutu. Iyi ndi nkhani ya chikhulupiriro, ndipo phunziro lake n'lakuti chakudya sichiyera kapena kudetsedwa ndi jati ya wophika, koma ndi njira imene chinapezekera.

## Kuchokera ku Kartarpur kufika ku Goindwal

Mawu akuti langara anachokera ku chinenero cha ku Perisiya, ndipo Guru Nanak sanali woyamba kudyetsa anthu mwaulere. Aphunzitsi ena achisilamu a m'deralo ankadyetsa kale apaulendo ndi osauka. Chatsopano chinali chakuti Asiki anasandutsa chakudyacho kukhala mbali ya chipembedzo imene munthu aliyense, ngakhale wolemera, ayenera kutengamo gawo.

Atatha maulendo ake ataliatali, Guru Nanak anakhazikika ku Kartarpur, m'mbali mwa mtsinje wa Ravi. Kumeneko iye ndi omutsatira ankalima, kupemphera ndi kudyera pamodzi. Pa nthawi ya guru wachiwiri, Guru Angad, amene ankayang'anira khitchini anali mkazi wake, Mata Khivi. Dzina la mayiyu linalembedwa mu Guru Granth Sahib, pamene akutamandidwa chifukwa cha phala la mpunga lothira mafuta a mkaka limene ankagawira anthu. Ine ndimakonda mfundo imeneyi kwambiri: munthu kukumbukiridwa m'buku lopatulika chifukwa cha ntchito ya kukhitchini, imene nthawi zambiri anthu saiwerengera.

Guru wachitatu, Guru Amar Das, amene anatsogolera kuyambira 1552 mpaka 1574 ku Goindwal, ndiye anaika lamulo lokhwima. Apa pali mawu awiri oti muwadziwe. Pangati ndi mzere wa anthu okhala pansi akudya. Sangati ndi msonkhano wa opemphera. Lamulo lake linali lakuti pangati choyamba, sangati pambuyo. Aliyense wofuna kuonana ndi Guru ankayenera kuyamba wakhala pamzere n'kudya ndi aliyense amene wamupeza.

Onani mmene lamuloli linkagwirira ntchito. Munthu wa jati yapamwamba wayenda ulendo wa masiku angapo kuti adzamve Guru. Pakhomo akumuuza kuti ayambe wadya. Amene wakhala kumanja kwake mwina ndi wosesa, ndipo sakudziwa kuti waphika ndi ndani. Asankhe chimodzi: kubwerera kwawo ndi ulemu wake wa jati, kapena kukhala pansi. Akangodya, lamulo limene wakhala akulisunga moyo wake wonse lasweka, ndipo waona yekha kuti palibe choipa chamuchitikira.

Mbiri ya Asiki imati ngakhale Akbar, mfumu yaikulu ya ufumu wa Mughal wa ku India, atafika ku Goindwal anakhala pamzere n'kudya chakudya wamba asanaonane ndi Guru. Imatinso atafuna kupereka malo oti msonkho wake uzithandiza khitchiniyo, Guru anakana, ponena kuti langara iyenera kuyenda ndi zopereka za anthu zochokera m'thukuta lawo.

Mu 1699, ku Anandpur, Guru Gobind Singh anapititsa nkhaniyi patsogolo pamene anayambitsa gulu la Asiki odzipereka lotchedwa Khalsa. Amuna asanu oyamba anali a jati zosiyanasiyana, kuphatikizapo wometa anthu ndi wotunga madzi, ndipo onse anamwera mbale imodzi. Kuyambira pamenepo amuna amatenga dzina lakuti Singh, akazi lakuti Kaur. Chifukwa chimodzi n'chakuti ku India dzina la bambo limatha kuulula jati ya munthu.

## Tilowe m'khitchini ya ku Amritsar

Langara yotchuka kwambiri ili pa Harmandir Sahib mumzinda wa Amritsar ku Punjab ya ku India, kachisi amene anthu ambiri amamudziwa chifukwa chokutidwa ndi golide. Kachisiyu ali ndi makomo anayi, kusonyeza kuti munthu wochokera mbali iliyonse ndi wolandiridwa. Khitchini yake siitseka usana ndi usiku. Pa tsiku wamba amadya anthu pafupifupi 50,000, ndipo pa zikondwerero chiwerengero chimafika 100,000 kapena kuposa.

Tiyerekeze kuti mwafika kumeneko.

Choyamba mukuvula nsapato n'kuzisiya kwa anthu ozisunga. Amene akulandira nsapato zanuzo akhoza kukhala dokotala kapena mwini sitolo yaikulu. M'chikhalidwe cha ku India kugwira nsapato za wina ndi ntchito yonyozeka, n'chifukwa chake Asiki ambiri amaisankha dala kuti athyole kunyada mumtima mwawo. Ntchito yotere, yogwira mosalipidwa komanso mosafuna kutamandidwa, imatchedwa seva.

Kenako mukusamba m'manja, kutsuka mapazi ndi kufunda kumutu, kaya ndinu mwamuna kapena mkazi. Fodya ndi mowa siziloledwa. Pakhomo la holo yodyera wina akukupatsani mbale yachitsulo, wina kambale ka madzi, wina sipuni. Palibe wofunsa dzina, chipembedzo kapena ndalama.

M'katimo mwayalidwa timphasa titalititali m'mizere. Mukukhala pamene pali mpata. Kulibe tebulo la alendo olemekezeka. Pamaukwati ndi pamaliro kwathu kuno tinazolowera kuti mafumu ndi akuluakulu amakhala pamipando ndipo mbale ya nyama yabwino imapita kwa iwo, ndipo timatero posonyeza ulemu. Mu langara ulemu amausonyeza mwa njira ina: nduna ya boma ikabwera, ikhala pamphasa yomweyo n'kulandira zomwezo.

Operekera akuyenda pakati pa mizere. Wina wanyamula ndowa ya mphodza kapena nyemba zina zing'onozing'ono zophikidwa mpaka kuphwanyika, wina ndiwo zamasamba, wina mpunga, wina dengu la chapati, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso phala la mpunga lamkaka lotsekemera. Chapati simuchita kutola nokha, ndipo simulandira ndi dzanja limodzi. Mumatambasula manja onse awiri, monga mmene mwana wamwambo amalandirira chinthu kwa akulu. Tanthauzo lake n'lakuti pano aliyense ndi wolandira, ngakhale amene wapereka thumba la ufa m'mawa womwewo. Mukafuna kuwonjezera akuwonjezerani, koma kusiya chakudya m'mbale n'kosayenera.

Mukatha mukunyamula mbale yanu kupita nayo panja, kumene ikudutsa m'manja mwa anthu ambiri n'kutsukidwa kangapo m'madzi osiyanasiyana. M'holo muja ena akukolopa mofulumira kuti gulu lina lilowe.

Tiwerengere limodzi kukula kwa ntchitoyi. Anthu 50,000 aliyense atadya chapati ziwiri zokha, pafunika chapati 100,000. Tsiku lili ndi mphindi 1,440, ndiye kuti mphindi iliyonse, usana ndi usiku, payenera kupsa chapati pafupifupi 70. N'chifukwa chake pali makina opangira chapati, koma pambali pake pamakhalabe amayi ndi abambo atazungulira ziwaya zikuluzikulu akupanga zina pamanja, enanso akusenda adyo ndi kudula anyezi. Pali antchito olembedwa oyang'anira miphika ikuluikulu, koma manja ambiri ndi a anthu ongodzipereka. Inunso, ngakhale si inu Msiki, mutha kukhala pansi n'kuyamba kusenda nawo.

Apa m'pamene langara imasiyana ndi kugawa chakudya cha thandizo. Pogawa thandizo pamakhala mbali ziwiri, opereka ndi olandira, ndipo aliyense amadziwa mbali yake. Mu langara munthu yemweyo amadya, kenako amatsuka mbale za amene anakhala naye pamzere.

## Nanga nyama, nanga ndalama?

Chakudya cha langara pafupifupi kulikonse chimakhala chopanda nyama, nsomba ndi mazira. Si kuti Asiki onse sadya nyama. Ena amadya kunyumba kwawo, ena ayi. Koma Mhindu sadya ng'ombe, Msilamu sadya nkhumba, ndipo anthu ambiri ku India sadya nyama iliyonse. Mukaphika nyama mudzafunika miphika iwiri ndi mizere iwiri, ndipo tsankho lija labwereranso. Mphodza ndi chapati aliyense angadye.

Ndalama ndi zakudya zimachokera kwa anthu. Asiki amalimbikitsidwa kupereka chakhumi cha zimene apeza pa ntchito zothandiza ena. Alimi amabweretsa tirigu ndi mpunga, ena mkaka, ena amaponya ndalama m'bokosi. Banja limene lili ndi ukwati, kapena likukumbukira m'bale amene anamwalira, limatha kutenga udindo wogula ndi kuphika chakudya cha tsiku limodzi pa gurudwara yawo.

## Pamene pamavuta

Kungakhale kunama kunena kuti chiphunzitsochi chinathetsa tsankho pakati pa Asiki. Chiphunzitso ndi china, zochita za anthu ndi zina, monga zilili m'zipembedzo zonse, ndipo Asiki enieniwo amakambirana zimenezi poyera.

Jati ikadalipo, makamaka pa ukwati. Mabanja ambiri amafunabe kuti mwana wawo akwatire kapena kukwatiwa m'jati yawo. M'midzi ina ya ku Punjab muli magurudwara awiri kapena kuposa, ina ya eni minda, ina ya mabanja amene kale ankatchedwa odetsedwa. Kudyera pamodzi kwa mphindi zochepa n'kopepuka kuyerekeza ndi kupatsana ana. Pa nkhani ya akazi, malamulo achisiki amawalola kutsogolera mapemphero ndi kuwerenga buku lopatulika pagulu, ndipo mu 1999 Bibi Jagir Kaur anakhala mkazi woyamba kutsogolera bungwe loyang'anira magurudwara akuluakulu a ku Punjab. Komabe makomiti ambiri adzaza amuna.

Ndiye mungadziwe bwanji ngati kufanana kukuchitikadi pamalo? Musayang'ane chakudya chokha. Onani amene akutsuka mbale, amene akuloledwa kugwira chipande, ndi amene ali m'komiti yosunga ndalama.

Mkangano wina wophunzitsa zambiri unabuka ku Canada. Asiki anayamba kufika m'chigawo cha British Columbia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo magurudwara ena kumeneko anazolowera kudyera pamatebulo ndi mipando. Patapita zaka, ena anayamba kunena kuti zimenezi zikuphwanya mwambo wa pangati. Mu 1997 mkanganowo unafika pa ndewu m'gurudwara ina mumzinda wa Surrey. Mu 1998 mtsogoleri wa Akal Takht, mpando waukulu wa ulamuliro wa Asiki umene uli ku Amritsar, analamula kuti langara izidyedwa anthu atakhala pansi, ndipo atsogoleri ena a ku Canada amene anakana anachotsedwa m'chipembedzo.

Mbali iliyonse inali ndi mfundo. Ofuna kukhala pansi ankati pansi ndiye malo amene palibe angakhale motsika kuposa mnzake, ndipo kudzichepetsa kwa thupi ndi gawo la phunzirolo; Akbar akanapatsidwa mpando, nkhani yake siikanakumbukika. Ofuna mipando ankati chofunika n'chakuti onse akhale mofanana, ndipo ngati aliyense ali pampando wofanana ndi wa mnzake palibe tsankho. Ankatchulanso kuzizira kwa dzikolo komanso okalamba amene mawondo awo sangapindike. Kuseri kwa mkanganowu kunalinso kulimbirana ulamuliro wa magurudwara. Lero magurudwara ambiri amayala mphasa pansi n'kuika mabenchi ochepa m'mbali kaamba ka okalamba ndi olumala, pomwe ena, makamaka kunja kwa India, akugwiritsabe ntchito matebulo.

## Zoti mukambirane m'kalasi

Gawanani m'magulu awiri. Gulu loyamba likhale komiti ya gurudwara imene ikufuna kuti aliyense azidya atakhala pansi, lachiwiri likhale la ofuna matebulo. Gulu lililonse lipereke mfundo ziwiri zochokera pa zimene Guru Nanak ndi Guru Amar Das anachita, osati pa zimene inu mumakonda. Mukatero muyankhe limodzi funso ili: kwabwera agogo a zaka 80 amene sangathe kukhala pamphasa, ndipo tsiku lomwelo kwabwera nduna ya boma imene ilibe vuto lililonse la miyendo. Benchi ilipo imodzi. Mukhazikapo ndani, ndipo winayo mumuuza chiyani?